Kulemba tikiti mukangodula foni: mafunso ndi mayankho kwa amisiri a makompyuta

Mayankho ali pansipa ndi a amisiri amene amalandira mafoni a makasitomala, nkulemba tikiti, kutanthauza lipoti lalifupi la vutolo, yoti mnzawo apitirize ntchito. Tatenga chitsanzo chimodzi chomwe tiyende nacho mpaka kumapeto. Ndi ofesi yaing'ono ku Matawale muno mu Zomba, ili ndi makompyuta atatu a pa desiki, malaputopu awiri, rauta imodzi ndi pulinta imodzi yolumikizidwa ku rautayo ndi waya. Magetsi anazima Lolemba masana. Lachiwiri m'mawa mayi a pa malo olandirira alendo aimba foni, akuti: "Achimwene, pulinta yafa."

Ndingadziwe bwanji kuti tikiti yanga yakwanira?

Iwerengeni ngati munthu amene sanamve foniyo ngakhale pang'ono, ndipo inuyo sangakupezeni chifukwa mwapita kukakonza zina ku Domasi. Kodi munthu ameneyo, akangomaliza kuwerenga, adziwa chinthu choyamba choti agwire? Ngati ayamba ndi kufunsa kuti "pulinta iti?", "zinayamba liti?" kapena "mwayesako chiyani?", ndiye kuti aimbiranso kasitomala, ndipo mayi aja afotokozanso nkhani yomweyo kachiwiri kwa munthu wachilendo.

Zili ngati buku la kuchipatala lija. Dokotala wa lero sakufunsani mankhwala amene munalandira sabata yatha, amangotsegula nkuona zimene mnzake anapeza, zimene anapereka ndi tsiku limene anati mubwerenso. Tikiti ikhale ndi zinthu zisanu: chimene chikukanika, chimene mwapeza poyesa, chimene mwasintha, mmene mwasiyira zinthu, ndi chimene chatsala. Amisiri ambiri amalemba bwino ziwiri zoyambazo. Zitatu zotsirizazo ndi zomwe zimaiwalika, ndipo ndi zomwe zimapweteketsa wobwera pambuyo.

Kodi si bwino kungolemba zonse zimene kasitomala wanena, mwandondomeko yake?

Ayi. Kasitomala amafotokoza motsatira mmene tsiku lake layendera: anafika seveni koloko, mlonda anamuuza za magetsi, abwana akufuna lipoti pasanafike masana, pulinta yomweyi inavutanso chaka chatha, ndiye kenako, pa mphindi yachisanu ndi chitatu, atchula mongodutsa kuti laputopu ya mu ofesimo ikupulinta bwinobwino. Mawu amenewo ndiwo ofunika kuposa onse pa foni yonseyo, chifukwa akusonyeza kuti pulinta ndi yamoyo ndipo ili pa netiweki. Mukalemba motsatira mmene zinanenedwera, akhala pa mzere wa 12, pomwe mnzanu wotanganidwa sakafikapo.

Sanjani motsatira zimene wowerenga afuna kudziwa poyamba. Mzere woyamba unene pamene nkhani yafika tsopano. Mbiri ibwere pambuyo, ndipo ikhale yokhayo imene ikukhudza vutolo. Za chaka chatha, ngati pali tikiti yake, ingolembani nambala ya tikitiyo basi.

Mutu wa tikiti ukhale wotani?

Unene malo, chipangizo ndi chimene chikukanika. "Pulinta" si mutu. "Mwamsanga chonde" si mutu. "Matawale: makompyuta 3 a pa desiki sakupulinta, malaputopu 2 akupulinta" ndi mutu, ndipo mmisiri wozolowera akangouona wayamba kale kuganizira kumene vuto lili. Musaike m'mutu chimene mukuganiza kuti ndicho chayambitsa. Mutu wakuti "dalaivala ya pulinta yaonongeka" ukakhala wolakwika, aliyense wotsegula tikitiyo amayamba kusaka kolakwika.

Kasitomala akungoti "yafa" kapena "sikugwira". Ndilembe chiyani?

Musadule foni musanasandutse mawu amenewo kukhala chinthu chooneka ndi maso. Pulinta "yakufa" ikhoza kukhala yosayaka konse, yoyaka koma yotafuna mapepala, yotulutsa mapepala oyera, kapena yabwinobwino koma kompyuta siikuipeza. Anayi amenewa amakonzedwa mosiyana, ndipo si onse amene amafuna kuti munthu akwere njinga kupita kumeneko.

Mafunso ake ndi osavuta. "Mayi, tayang'anani pa pulintapo, pali nyali imene yayaka? Ya mtundu wanji, ikuphethira kapena yangoyaka?" "Mukadina kuti ipulinte, pa sikirini pakubwera chiyani?" "Alipo wina mu ofesimo amene wapulinta lero?" Funso lachitatuli ndilo limadula njira. Likuuzani kukula kwa vuto: munthu mmodzi, gulu kapena onse. M'tikiti lembani amene akukanika ndi amene sakukanika omwe. Chinthu chimene chikugwirabe ntchito ndi umboni wofanana mphamvu ndi chimene chaleka.

Uthenga wa pa sikirini ulembedwe ndendende mmene ulili, chilembo ndi chilembo, osaufupikitsa kapena kuumasulira. Mnzanu adzafuna kuusaka pa intaneti kapena m'matikiti akale, ndipo `Offline`, `Error - Printing` ndi `Driver is unavailable` ndi mavuto atatu osiyana ngakhale kasitomala onsewo amawatcha "ikukana". Ngati mayiwo akuvutika kuwerenga, apempheni ajambule sikirini ndi foni atumize pa WhatsApp. Chithunzicho chiikeni m'tikiti, koma mawu ake muwalembenso pamanja, chifukwa posaka m'matikiti kompyuta kawirikawiri siiwerenga za m'chithunzi. Ndipo chisatsale m'foni mwanu mokha: mnzanu alibe foni yanuyo.

Ndalemba kuti "ndayesa ping, ndazimitsa nkuyatsanso, sizinatheke." Chalakwika nchiyani?

Mwalemba zimene munachita, simunalembe zimene munapeza. Mnzanu sakudziwa kuti `ping`, yomwe imayesa ngati chipangizo china chikuyankha pa netiweki, munaichita muli pa kompyuta iti, kupita ku adiresi iti, ndipo inayankha chiyani. Sakudziwanso chimene munazimitsa: pulinta, rauta kapena kompyuta. Ndiye abwereza zonse.

Taonani chimene chinatuluka pa kompyuta ya pa malo olandirira alendo, imene adiresi yake ndi `192.168.1.101`, poyesa adiresi imene pulinta inali nayo kale:

```
ping 192.168.1.103
Reply from 192.168.1.101: Destination host unreachable.
Packets: Sent = 4, Received = 4, Lost = 0 (0% loss)
```

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri, makamaka pamene kasitomala ndiye akukuwerengerani pa foni. Mukafunsa kuti "yayankha?", anena kuti inde, chifukwa akuona `Reply` ndiponso `0% loss`. Koma yankholo silinachoke ku pulinta. Lachoka ku kompyuta yomweyo, `.101`, ikudziuza yokha kuti pa `.103` sipakupezeka aliyense. Windows imawerengera uthenga wotere ngati yankho lolandiridwa. Mmisiri amene alembe kuti "ping ikutheka" wanamiza mnzake mosadziwa, ndipo mnzakeyo ataya ola lathunthu akuchotsa ndi kuikanso dalaivala yabwinobwino.

Msampha wina ndi wotembenuza. `.103` ikhoza kuyankhadi, ndi `time=` ndi `TTL=` zonse zilipo, koma woyankhayo nkukhala foni ya munthu wina imene rauta yaipatsa adiresi ija pambuyo pa kuzima kwa magetsi. Nchifukwa chake mzere wa yankho umakoperedwa m'tikiti wathunthu, ndipo adiresi yeniyeni ya pulinta imatengedwa pa pulinta pomwepo: pa kasikirini kake, kapena pa pepala la za netiweki limene pafupifupi pulinta iliyonse ya pa netiweki imatha kutulutsa. Pa nkhani yathuyi pepalalo linasonyeza `192.168.1.107`, ndiponso kuti adiresiyo yachokera ku `DHCP`, kutanthauza kuti rauta ndiyo yagawa, siinaikidwe pamanja.

Kuyesa kulikonse kulembedwe chonchi: ndinali pa chipangizo chakuti, ndinachita chakuti, chinatuluka chakuti. Zimene zinalephera zilembedwenso. "Ndinazimitsa pulinta mphindi imodzi nkuyatsanso, palibe chasintha" ndi mzere waufupi, koma wapulumutsa mnzanu kuti asapemphe kasitomala kuchitanso zomwezo, zomwe ndi zimene zimatopetsa makasitomala kuposa china chilichonse.

Kodi ndingalembe chimene ndikuganiza kuti ndicho chayambitsa vuto?

Lembani, koma pamalo pakepake, ndipo muonetse kuti ndi maganizo. M'tikiti mumakhala mawu a mitundu itatu: zimene kasitomala wanena, zimene inu mwaona, ndi zimene mukuganiza. Zikasakanikirana, wowerenga amazitenga zonse ngati zotsimikizika.

"Magetsi anazima Lolemba masana" ndi zimene ananena mayi aja. "Pulinta ili pa `.107` pomwe kompyuta ya pa malo olandirira alendo ikuisaka pa `.103`" ndi zimene mwaona. "Rauta itazima inaiwala amene inawagawira maadiresi, ndipo poyakanso inapatsa pulinta ina" ndi maganizo, omveka ndithu, chifukwa marauta ang'onoang'ono ambiri amatero, koma simunalowe mu rautamo kuti muone. Lembani kuti "ndikuganiza" ndipo munene chimene chingatsimikize. Kusamala kumeneku kumafunika kwambiri nyengo ya mvula, pamene chilichonse chimanamiziridwa mphezi. Kasitomala akati "inagunda mphezi", lembani kuti watero, ndi nthawi yake. Musalembe kuti "rauta yapsa ndi mphezi" musanaone nyali zake, apo ayi mnzanu anyamula rauta yatsopano kupita nayo kumene kwangozuka pulagi.

Nanga malaputopu bwanji akupulinta? Poyang'ana pa `Ports`, kompyuta ya pa desiki imene mwaiona ili pa `Standard TCP/IP Port`, imene imasunga adiresi imodzi osaisintha, pomwe laputopu imene mwaiona ili pa `WSD`, njira imene Windows imadzipezera yokha pulinta pa netiweki ngakhale adiresi itasintha. Zimenezi zikagwirizana ndi maganizo anu, zilembeni. Zikatsutsana nawo, zilembeninso, makamaka pamenepo.

Nthawi ndiilembe motani?

"Dzulo", "m'mawa uno" ndi "posachedwa" zimatha ntchito tikiti ikangogona usiku umodzi. Lembani tsiku ndi ola. Mwezi ulembedwe ndi dzina lake kapena mwa dongosolo la chaka, mwezi, tsiku, chifukwa `03/04` kwa ife ndi pa 3 Epulo pomwe kompyuta yoikidwa mwa Chimereka imaonetsa motero pa 4 Malichi.

Nthawi zofunika ndi ziwiri: pamene chinthu chinagwira ntchito komaliza, ndi pamene chinaoneka koyamba kuti chaleka. Chayambitsa chimakhala pakati pa ziwirizi. Funso lakuti "zinayamba liti?" limabweretsa nthawi imene munthu anazindikira, osati imene zinayambadi. Funsani kuti "komaliza kupulinta bwinobwino linali liti?"

Ngati mwakopera nthawi kuchokera mu kaundula wa seva kapena wa rauta, nenani kuti ndi nthawi ya kuti. Maseva ambiri amalemba mu `UTC`, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi, ndiye 12:10 ya mu kaundula ndi 14:10 ya pa wotchi ya mu ofesi. Marauta ena alibe batire losunga nthawi, ndipo akangoyaka amalemba tsiku lachilendo, nthawi zina la mu 1970, mpaka atapeza intaneti nkukonza wotchi yawo.

Chifukwa chiyani mukulimbikira kwambiri za zimene ndasintha?

Chifukwa pamenepa ndi pamene tikiti yosakwanira imaononga zinthu, osati kungotayitsa nthawi. Tiyeni tione pa ofesi ija.

Mmisiri woyamba analowa pa kompyuta ya pa malo olandirira alendo ali kutali, nkupita pa `Printer properties`, `Ports`, `Configure Port`, nkusintha adiresi kuchoka pa `.103` kupita pa `.107`. Pepala loyesera linatuluka. Mayi aja anasangalala, lipoti la abwana linapulintidwa. Makompyuta ena awiri sanawakhudze: ya a maakaunti inali yokiya eni ake atapita kubanki m'tauni, ndipo inayo imafuna pasiwedi imene ali nayo ndi abwana okha.

Tsopano pabwere mmisiri wachiwiri Lachinayi kudzakonza kotheratu. Njira yake ndi kulowa mu rauta nkuiuza kuti pulinta imeneyi izipatsidwa adiresi imodzimodzi nthawi zonse, potengera nambala yake ya `MAC`, imene chipangizo chimabwera nayo kuchokera kufakitale. Ngati sakudziwa kuti kompyuta imodzi inasinthidwa, nzeru yabwino imuuza kuti abwezere pulinta pa `.103`, popeza ndi pomwe makompyuta onse akuisaka. Atero, ayesa pa kompyuta ya a maakaunti, pepala lituluka, atseka tikiti nkubwerera. Lachisanu m'mawa mayi a pa malo olandirira alendo aimbanso, chifukwa yawo tsopano ikusaka pa `.107` pomwe palibenso pulinta.

Choipitsitsa nchakuti angayang'ane pa kompyutayo osaona kanthu. Mukasintha adiresi kudzera pa `Configure Port`, dzina la doko, ndiye kuti `Port`, silisintha. Pa mndandanda wa `Ports` lipitiriza kuoneka `192.168.1.103`, pomwe mkati mwake muli `.107`. Munthu wongoponya diso anena kuti zonse zili m'malo.

Choncho chilichonse chimene mwasintha chilembedwe ndi zinthu zitatu: pa chipangizo chiti, chinali chotani, mwachiika chotani. Mmene chinalili kale ndi mmene anthu amaiwala kwambiri, koma popanda pamenepo palibe angabwezeretse. Nenaninso ngati kusinthako nkongoyembekezera kapena nkokhazikika. Zomwezo ndi zimene mwazimitsa kuti muyese: pulogalamu yoteteza ku mavairasi imene mwaiimitsa "kwa mphindi zisanu", waya amene mwauza kasitomala kuti asamutsire pa bowo lina la rauta, akaunti yoyesera imene mwatsegula. Ngati simunabwezeretse, tikiti inene zimenezo pamwamba penipeni.

Tionetseni tikiti yathunthu ya nkhani imeneyi.

Nayi. Maina ndi manambala a foni tawachotsa, koma m'tikiti yeniyeni amakhalamo.

*Mutu:* Matawale: makompyuta 3 a pa desiki sakupulinta, malaputopu 2 akupulinta

*Pamene zafika (Lachiwiri 11 Febuluwale, 10:50):* Kompyuta 1 (malo olandirira alendo) ikupulinta tsopano, koma mongoyembekezera. Kompyuta 2 (maakaunti) ndi 3 (chipinda cha abwana) sizinakhudzidwe, sizikupulinta. Mu rauta simunalowedwe.

*Zimene kasitomala wanena:* Anapulinta komaliza Lolemba 10 Febuluwale cha m'ma 11:00. Magetsi anazima cha m'ma 14:00, anayaka anthu ataweruka. Rauta ndi pulinta zilibe batire. Vuto analiona Lachiwiri 07:45. Akuti palibe waya amene wasunthidwa.

*Zimene ndaona:* Pa kompyuta 1 pulinta imaoneka `Offline`. Doko ndi `Standard TCP/IP Port`, `192.168.1.103`. Kuchokera pa kompyuta 1 (`.101`), `ping` ku `.103` yabweza `Reply from 192.168.1.101: Destination host unreachable.` Pepala la za netiweki la pulinta (chithunzi chili m'munsimu): `192.168.1.107`, `DHCP`, `MAC` ndi `00-00-5E-00-53-2A`. `ping` ku `.107` ikuyankha, kanayi pa kanayi. Laputopu imodzi ndaiona, ili pa `WSD`. Kuzimitsa ndi kuyatsanso pulinta sikunasinthe kanthu, yabwereranso pa `.107`.

*Zimene ndasintha:* Kompyuta 1 yokha, `Configure Port`, `.103` kupita `.107`, nthawi 10:40. Dzina la doko likuonekabe `192.168.1.103`. Pepala loyesera latuluka.

*Maganizo anga, osatsimikizika:* Rauta inagawanso maadiresi itayaka. Mndandanda wa `DHCP` mu rauta ndiwo utsimikize.

*Chotsatira:* Kusungira pulinta adiresi mu rauta. Ngati `.103` ilibe mwini, isungireni imeneyo, muzimitse pulinta nkuiyatsanso, kenako mubwezere kompyuta 1 pa `.103`. 2 ndi 3 sizifuna kusintha. Ngati ili ndi mwini, sungani `.107` nkusintha 2 ndi 3.

*Chenjezo:* Kasitomala akuti kompyuta 2 ili ndi ntchito 14 zodikira pa mzere, ndipo zina ndi mapepala a malipiro a antchito. Pulinta ikangopezeka zituluka zonse. A maakaunti aone mzerewo kaye, afufute zosafunika, ndipo akhale pa pulinta pomwepo.

*Kufika ndi anthu:* Pasiwedi ya rauta ndi ya kompyuta 3 ili ndi abwana, ali ku Blantyre, abwera Lachinayi m'mawa. Rauta ili mu kabati yokiya m'chipinda chawo. Ofesi imatseka 12:00 mpaka 13:30.

*Chimene ndalonjeza:* Mmisiri afika Lachinayi 13 Febuluwale pakati pa 09:00 ndi 11:00. Pakadali pano a maakaunti azipulinta kudzera pa laputopu. Kasitomala wavomera.

Tikitiyi ikuwerengeka m'mphindi ziwiri, pomwe foni yake inatenga pafupifupi theka la ola. Onani mzere wa chenjezo uja. Suli mbali ya vuto la adiresi, koma ukanasowa, malipiro a anthu akanamwazika pa tebulo pomwe aliyense akudutsa. Zoterezi zimamveka pa foni mongodutsa, ndipo wozimva ndi inu nokha.

Za kufika pamalopo ndi za mmisiri wa pa foni? Si za wopitayo?

Ndi zanu, chifukwa kasitomala ali pa foni tsopano lino, ndipo kufunsa kumangotenga mphindi imodzi. Malo ambiri kuno sapezeka ndi nambala ya poloti. "Ku Chinamwali" sikokwanira. Lembani pokhotera, chizindikiro chooneka ndi mtundu wa geti, kapena mupemphe kuti atumize malo awo pa WhatsApp nkuika m'tikiti. Kukakhala kutali, monga ku Jali, ku Thondwe kapena kumtunda kwa Ku Chawe, ulendo wongokapeza kabati ili yokiya ndi theka la tsiku lotayika pamodzi ndi mafuta.

Funsani: kiyi ali ndi ndani, adzakhalapo nthawi yanji, ndani angavomereze ngati pakufunika kugula chipangizo, ndipo pali nambala yachiwiri ngati yoyamba siikupezeka. Ngati pakufunika kunyamula chinthu, tikiti itchule mtundu ndi nambala ya chipangizo monga zalembedwera pa chomata chake, osati "pulinta yakuda ija". Mapulinta awiri a kampani imodzi, ofanana maonekedwe, akhoza kufuna tona yosiyana.

Kasitomala wanditchulira pasiwedi. Ndiilembe kuti mnzanga asavutike?

Musailembe. Tikiti imawerengedwa ndi anthu ambiri, imatumizidwa pa imelo, ndipo imakhala zaka. Lembani kumene pasiwediyo ikupezeka: kwa munthu wakuti, kapena mosungira mapasiwedi mwa kuntchito kwanu. Ngati kasitomala waitchula kale mokweza pa foni, lembani kuti ikufunika kusinthidwa.

Zithunzi nazonso ziyang'aneni musanaziike. Wojambula uthenga wa pa sikirini amajambula ndi zonse zili kumbuyo: mndandanda wa malipiro, maina a odwala, manambala a ziphaso. Dulani chithunzicho kutsale uthenga wokha. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo zimene mumasunga m'matikiti zokhudza munthu si zoseweretsa. Chomata cha pansi pa rauta nachonso nthawi zambiri chimakhala ndi pasiwedi, ndiye mukapempha chithunzi chake kuti muone nambala, bisani mbali imeneyo.

Kasitomala anakwiya, anandilalatira. Zimenezo zilowe?

Chilowe chimene chingathandize mnzanu, m'mawu oti kasitomalayo atawawerenga simungachite manyazi, popeza mapulogalamu ambiri a matikiti amatumiza zolemba zina kwa kasitomala. "Mayi ovuta" sikuthandiza aliyense. "Aka nkachitatu kuimba mwezi uno pa nkhani ya pulinta, lipoti likufunika Lachisanu, apempha kuti asauzidwenso zozimitsa nkuyatsa" kukuuza mnzanu poyambira ndi pomwe asaponde.

Ndilembe nthawi yanji, foni ili mkati kapena itatha?

Manambala, maadiresi, nthawi ndi mauthenga a pa sikirini alembeni foni ili mkati, mosasamala dongosolo. Zimenezi mutu susunga: pakatha maola awiri ndi mafoni ena anayi, `.103` ndi `.107` zimasinthana malo. Kusanja kuchitike mukangodula, musanayankhe ina. Mphindi zisanu zimakwana.

Musanadule, muwerengereni kasitomala mwachidule: "Mayi, ndibwereze kuti tione ngati ndamva bwino. Munapulinta komaliza Lolemba m'mawa, malaputopu akupulinta, makompyuta atatu ayi. Yanuyo takonza mongoyembekezera. Mnzanga abwera Lachinayi isanakwane 11 koloko, abwana akakhalapo. Ndasiya china?" Kawirikawiri ndi pamenepa pomwe pamatuluka mawu ngati akuti, "Ee, komanso dzulo kunabwera mnyamata wina anadzaika kamera." Kamera yatsopano pa netiweki ikhoza kukhala ndiyo yatenga adiresi ya pulinta, ndipo nkhaniyo ikanapanda kufunsidwa sikanatuluka.

Lonjezo lililonse limene mwapereka lilembedwe ndi tsiku ndi ola. Kasitomala amakumbukira lonjezo kuposa china chilichonse pa foniyo, ndipo mnzanu sangasunge lonjezo limene sakulidziwa.

Pali zina sindinafunse, kasitomala wadula kale. Nditani?

Lembani kuti simunafunse. "Sindinafunse ngati pali chipangizo chatsopano pa netiweki" nkosiyana ndi kungokhala chete, chifukwa tikiti ikakhala chete wowerenga amaganiza kuti munafunsa ndipo yankho linali ayi. Musadzaze mpata ndi zongoganiza. Ngati chosowacho chingaimitse ntchito, monga nambala ya chipangizo choti chigulidwe, imbaninso inuyo nthawi yomweyo, kapena tumizani uthenga waufupi wa funso limodzi. Kwa kasitomala, inu kuimbanso patatha mphindi khumi ndi kupitiriza nkhani yomwe ija. Munthu wina kuimba mawa nkuyamba ndi "tandifotokozereni vuto lanu" ndi kuyambiranso.

Ndiye kuti wolandira tikiti asaimbe konse?

Aimbe, koma pa zifukwa zake: kutsimikiza kuti abwana afikadi asananyamuke, kufunsa ngati pasintha china kuchokera Lachiwiri, ndi kutsimikiza pomaliza kuti makompyuta onse asanu akupulinta. Pa nkhani ngati iyi funso la zosintha nlofunika, chifukwa magetsi akazimanso Lachitatu pulinta ikhoza kukhala pa adiresi yachitatu, ndipo `.107` ya m'tikiti idzakhala yakale. Nchifukwa chake nambala ya `MAC` inalembedwa: imeneyo siisintha magetsi akazima, ndipo ndi imene mmisiri wachiwiri adzasakire pulinta pa mndandanda wa mu rauta. Akamaliza, awonjezere zake pansi pa zanu popanda kufufuta kanthu: adiresi imene wasunga, makompyuta amene wasintha, ndi kuti wazimitsa rauta ndi pulinta nkuziyatsanso, pulinta nkubwerera pa adiresi yomweyo, asanatseke tikiti.